Sikani yaonetsa chotupa pa thumba la mazira: kawerengedwe ka lipoti ndi kasankhidwe ka tsiku lobwerera

Lipoti la sikani ya m'munsi mwa mimba limakhala lalifupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya m'Chingerezi, yolembedwa m'buku la kuchipatala kapena pakapepala komata m'bukumo. Likanena kuti pa thumba la mazira pali chotupa chamadzi, maganizo amathamangira ku khansa. Zotupa zambiri zotere si khansa, ndipo mwa amayi omwe akusambabe zambiri zimatha zokha pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu. Ntchito ili pa kusiyanitsa chotupa chongosiyidwa, chofunika kuunikidwanso, ndi chofunika dokotala wa matenda a amayi msanga. Chomwe chimagamula ndi zinthu zinayi: ngati mukusambabe kapena munasiya, kukula kwa chotupacho, maonekedwe a m'kati mwake, ndi mmene thupi lanu likumvera. Tizitsata m'ndondomeko yomwe muzikumana nazo, kaya mwatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba kuchokera ku Matawale, ku Domasi kapena ku Pirimiti.

Gawo 1: Musanagone pabedi la sikani

Kumbukirani tsiku lomwe msambo wanu womaliza unayamba, osati lomwe unatha. Wojambula akalidziwa amatha kutanthauzira zomwe akuona, chifukwa thumba la mazira limasintha maonekedwe mwezi wonse. Mwezi uliwonse limakulitsa kathumba kamadzi komwe muli dzira, ndipo kathumbako kamafika masentimita 2 kapena 2.5 kasanaphulike n'kutulutsa dziralo. Dzira likatuluka, pamalopo pamatsala kathumba kena ka khoma lokhuthala komwe kamakhala pafupifupi masabata awiri. Zonsezi zimaoneka pa sikani. Kathumba kamadzi kosapitirira masentimita 3 mwa mayi wosamba ndi ntchito ya thumba la mazira basi, si matenda, ngakhale wojambula atakalemba mu lipoti.

Nenaninso njira yolera yomwe muli nayo. Kachipangizo kapamkono ndi lupu ya mankhwala nthawi zina zimachititsa kuti kathumba ka dzira kakule osaphulika, n'kukhalapo masabata angapo kasanaphwe.

Ngati pali mpata uliwonse woti muli ndi pakati, pemphani kuyezetsa mkodzo sikani isanachitike. Musazitenge mopepuka. Mimba yokhala mu chubu imatha kuoneka ngati chotupa pambali pa chiberekero, ndipo imeneyo siyodikirira masabata.

Sikani ilipo ya mitundu iwiri. Yapamimba imafuna chikhodzodzo chodzaza, choncho imwani madzi pafupifupi lita imodzi ola limodzi nthawi isanakwane, ndipo musakodze. Pamzere pakakhala anthu ambiri, ndi bwino kuyamba kumwa mutaona kuti mwayandikira, apo ayi mudzapezeka mukuvinavina pabenchi n'kukataya madzi onse dzina lanu lisanaitanidwe. Yachiwiri ndi ya kachipangizo kolowetsa kunjira yoberekera. Iyi imafuna chikhodzodzo chopanda kanthu, ndipo imaonetsa m'kati mwa chotupa bwino kwambiri chifukwa kachipangizoko kamafika pafupi ndi thumba la mazira. Amayi ambiri amachita nayo manyazi, koma pa chotupa cha masentimita 4 kapena 6 ndiyo imathetsa mkangano. Yapamimba imapambana pa chotupa chachikulu chomwe chakwera m'mimba. Kwa mtsikana yemwe sanagonepo ndi mwamuna amagwiritsa ntchito yapamimba.

Gawo 2: Onani ngati chotupacho chili `simple`

Wojambula amalemba `simple cyst` pokhapokha chotupa chikakwaniritsa zonsezi pamodzi. Ndi chozungulira kapena chonga dzira. M'kati mwake muli bii, mwakuda kotheratu, zomwe pa lipoti zimalembedwa `anechoic`, kusonyeza kuti muli madzi oyera okhaokha omwe sabweza mafunde a makina. Khoma lake ndi lopyapyala ndi losalala. Mulibe timakoma togawa zipinda, mulibe kamnofu kalikonse komera pakhoma. Kuseri kwake chithunzi chimawala kwambiri, chifukwa mafunde adutsa m'madzi osafooka. Akayatsa mitundu ya Dopula, yomwe imaonetsa magazi oyenda, m'kati simuoneka mtundu uliwonse.

Chotupa chotere chiopsezo chake cha khansa ndi chochepa kwambiri, chosafika 1 pa 100, kaya mayi ndi wachitsikana kapena wachikulire. N'chifukwa chake pa chotupa cha mtunduwu chomwe timayang'ana kwenikweni ndi kukula kwake.

Kwa mayi yemwe akusambabe, malangizo a bungwe la madokotala a amayi la ku Britain, RCOG, a chaka cha 2011 ndi osavuta kuwasunga pamtima. Chosafika masentimita 5 sichifunika kuunikidwanso ngati sichikuvutitsa, pakuti nthawi zambiri chimatha pasanathe misambo itatu. Cha masentimita 5 mpaka 7 chiunikidwe kamodzi pachaka. Choposa masentimita 7 chimafuna kuunika kozama, monga MRI, kapena kukambirana za opaleshoni, chifukwa chotupa chikakula n'kovuta kuti wojambula aone khoma lake lonse, ndipo kamnofu kakang'ono kakhoza kubisala kumbali yomwe makina sakufika.

Maganizo anga pa zotupa za masentimita 5 mpaka 7 ndi akuti, ngati sikani yoyamba inali yapamimba yokha, pa makina akale kapena chikhodzodzo chisanadzaze bwino, musadikire chaka. Bwererani pakatha miyezi iwiri kapena itatu kuti zitsimikizike kuti ndi madzi okhaokha. Akatswiri ojambula a ku America m'malangizo awo a 2019 amalolanso zimenezi: sikani yobwereza pakati pa miyezi 2 ndi 6 ngati cholinga ndi kuonetsetsa mtundu wa chotupa, ndipo pakati pa miyezi 6 ndi 12 ngati cholinga ndi kuona ngati chikukula.

Gawo 3: Ngati alemba `complex`, funsani kuti aona chiyani

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasowa tulo popanda chifukwa. `Complex` amangotanthauza kuti chotupacho sichinakwaniritse zonse za m'gawo lapitali. Sakunena kuti ndi chiyani. M'gulu limeneli muli zotupa zomwe zimatha zokha, zina zosatha koma zosaopsa, ndi zochepa zomwe ndi zoopsadi. Lipoti longoti `complex cyst` n'kuima pomwepo ndi losakwanira, ndipo muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, m'katimo mwaonamo chiyani?"

Pali mitundu itatu yosaopsa yomwe wojambula wozolowera amaizindikira ndi maso.

Woyamba, wofala kwambiri, ndi chotupa chomwe mwathiridwa magazi. Kathumba ka dzira kapena kotsala dzira litatuluka kamatha kukha magazi m'kati mwake. Magaziwo akayamba kuundana amapanga timizere topyapyala tolukana ngati ukonde wa asodzi a ku Kachulu, ndipo pa lipoti amalemba `reticular` kapena `lace-like`. Pakadutsa masiku, magazi oundanawo amakhwinyata n'kukhala chibulumwa kumbali imodzi, chomwe munthu wosazolowera angachiyese mnofu. Chimasiyana ndi mnofu m'njira ziwiri: m'mphepete mwake mumakhala mowongoka kapena molowa m'kati, osati motukuka, ndipo Dopula saonetsa magazi oyenda m'menemo. Wojambula akagwedeza pang'ono kachipangizo, chibulumwacho nthawi zina chimanjenjemera. Chotupa chotere chimapweteka mbali imodzi kwa masiku angapo, kenako chimaphwa chokha.

Wachiwiri ndi endometiriyoma. Muli magazi akale okhuthala, ochokera ku minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero yomwe yamera pa thumba la mazira. Pa sikani m'kati monse mumaoneka motuwa mofanana, ndipo amalemba `ground glass`. Mayi wake nthawi zambiri amakhala ndi mbiri ya msambo wopweteka kwambiri, ululu pogonana, kapena kuvutika kutenga pakati. Ichi sichitha chokha.

Wachitatu ndi demoyidi, chotupa chomwe m'kati mwake mumapezeka mafuta, tsitsi, nthawi zina ngakhale dzino. Anthu akamva zimenezi amaganiza za ufiti, koma chimachokera ku maselo a dzira omwe ali ndi mphamvu yopanga khungu, tsitsi ndi mafupa. Pa sikani chimaonetsa chigawo chowala kwambiri chokhala ndi mthunzi wakuda kuseri kwake, ndi timizere ndi timadontho towala ta tsitsilo. Chimakula pang'onopang'ono, sichitha chokha, ndipo vuto lake lalikulu ndi lakuti chikakula chimalemera n'kupotokola thumba la mazira.

Nanga zodetsa nkhawa ndi ziti? Gulu la akatswiri lotchedwa IOTA linatulutsa mu 2008 zizindikiro zisanu zoloza ku khansa: chotupa cha mnofu chosasalala m'mphepete, madzi ambiri odzaza m'mimba, timinofu tinayi kapena kuposa tomera pakhoma kuloza m'kati, chotupa cha zipinda zambiri chosakanikirana ndi mnofu chofika masentimita 10, ndi magazi oyenda kwambiri m'kati mwa chotupa pa Dopula. Pa lipoti fufuzani mawu awa: `solid component`, `papillary projection`, `thick septation`, `ascites`. Timakoma togawa zipinda topyapyala, tosafika mamilimita 3, tokha sitiopsa kwenikweni. Tokhuthala kapena tokhala ndi timabumphu ndi nkhani ina. Mwa zonsezi, cholemera koposa ndi kamnofu kokhala ndi magazi oyenda. Lipoti likatchula chimenecho, sikani yobwereza pakatha miyezi itatu si yankho. Mukufunika kuonana ndi dokotala wa matenda a amayi m'masabata ochepa.

Malipoti ena, makamaka a m'zipatala zolipira, amaika nambala ya `O-RADS`. Nambala 1 ndi thumba la mazira labwinobwino, 2 ndi chotupa cha chiopsezo chosafika 1 pa 100, 3 ndi pakati pa 1 ndi 10 pa 100, 4 ndi pakati pa 10 ndi 50, ndipo 5 ndi theka kapena kuposa. Nambala 0 ikutanthauza kuti sanaone bwino ndipo sikani ibwerezedwe.

Kuno kwathu pali zinthu ziwiri zomwe zimadziyeseza chotupa cha thumba la mazira kawirikawiri. China ndi chubu chodzaza madzi kapena mafinya chifukwa cha matenda opatsirana pogonana omwe sanachizidwe bwino. Chubu chimaoneka chotalika ndi chopindika, osati chozungulira, ndipo ngati muli mafinya mayi amakhala ndi kutentha thupi, chikazi chonunkha ndi ululu waukulu akamuyeza. Mankhwala ake ndi opha tizilombo, mwina ndi kuchotsa mafinya, osati kudikira. China ndi TB ya m'mimba, yomwe imabweretsa madzi m'mimba, kuwonda ndi zotupa pambali pa chiberekero mofanana kwambiri ndi khansa, makamaka mwa omwe ali ndi HIV.

Gawo 4: Kusankha tsiku lobwerera

Tiyerekeze mayi wa zaka 32 wochokera ku Jali, wa ana awiri, yemwe sali pa njira yolera ya mankhwala ndipo amasamba masiku 28 aliwonse. Wamva kuwawa kumanja m'munsi mwa mimba kwa masiku anayi. Msambo wake womaliza unayamba pa 10 Juni, ndipo sikani yachitika pa 30 Juni. Lipoti lake likuti:

```
LMP 10/06. UPT negative.
Uterus normal. Lt ovary normal.
Rt ovary: complex cyst 5.8 x 5.1 x 4.9 cm,
thin wall, reticular internal echoes,
no solid component, no internal flow.
Minimal free fluid in POD.
```

Tiliwerenge bwinobwino. Alibe pakati. Chiberekero ndi thumba lakumanzere zili bwino. Chotupa chili kumanja, ndipo muyezo womwe timagwiritsa ntchito ndi waukulu mwa itatuyo, masentimita 5.8. Khoma ndi lopyapyala, m'kati muli timizere tolukana, mulibe mnofu, mulibe magazi oyenda. Timadzi tochepa kuseri kwa chiberekero, komwe alemba `POD`, timapezeka mwa amayi ambiri dzira likangotuluka ndipo si madzi odzaza mimba aja. Kuwerenga kuyambira pa 10 Juni, sikaniyi yachitika tsiku la 21, pafupifupi sabata imodzi dzira litatuluka, nthawi yeniyeni yomwe zotupa za magazi zimaoneka. Zonse zikugwirizana ndi chotupa chomwe mwathiridwa magazi.

Chikanakhala chosapitirira masentimita 5 ndi maonekedwe omveka chonchi, ululu utatha, sipakanafunika kubwerera. Popeza chapitirira, chiunikidwenso pakati pa masabata 6 ndi 12. Kubwerera msanga, monga pakatha masabata awiri, n'kungotaya ndalama ya minibasi, chifukwa magazi amakhala asanasungunuke ndipo lipoti lidzanenanso zomwezo, nkhawa n'kuwirikiza.

Tsono taonani msampha wake. M'buku akalemba kuti mubwere pakatha masabata 8, tsikulo ndi 25 Ogasiti. Misambo ya mayiyu ikuyembekezeka pa 8 Julayi, 5 Ogasiti ndi 2 Seputembala. Kuwerenga kuyambira pa 5 Ogasiti, tsiku la 25 Ogasiti likugweranso pa tsiku la 21. Kwa mayi wa masiku 28, masabata 4, 8 kapena 12 enieni amamubwezera pamalo omwewo a mwezi pomwe sikani yoyamba inachitikira. Pa tsikulo thumba la mazira lidzakhala litangotulutsa dzira lina, ndipo likhoza kukhala ndi kathumba katsopano, mwina kamagazinso. Wojambula akadzaona chotupa kumanja komweko, sadzatha kunena ngati ndi chakale chomwe sichinathe kapena chatsopano. Mayi akhoza kulembedwa kuti ali ndi chotupa chosatha, mpaka kukambirana za opaleshoni, pomwe chakalecho chinaphwa kalekale.

Njira yake ndi kuika sikani msambo utangotha, pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 kuwerenga kuyambira tsiku loyamba la magazi. Nthawi imeneyo kathumba ka mwezi wapita katha, ndipo ka mwezi uno kakadali kakang'ono. Chilichonse chachikulu chomwe chaoneka ndiye kuti ndi chakale. Kwa mayi wa ku Jaliyu mipata ndi iwiri. Wa msambo wa 5 Ogasiti umapereka masiku a 9 mpaka 14 Ogasiti, koma popeza masabata 6 akukwana pa 11, oyenera ndi a 11 mpaka 14. Wa msambo wa 2 Seputembala umapereka masiku a 6 mpaka 11 Seputembala, pafupifupi masabata 10. Ine ndingasankhe wachiwiriwu ngati ululu watha, chifukwa umapatsa chotupa nthawi yokwanira kuti chithe ndipo ulendo umakhala umodzi. Ngati ululu ukupitirira, woyambawo ndi wabwino.

Choncho pochoka musangolandira tsiku. Nenani kuti, "Adokotala, msambo wanga ukubwera cha pa 2 Seputembala, kodi ndingabwere utangotha?" Ambiri amavomera. Msambo ukasuntha, tsiku lanu lisunthe nawo.

Kwa yemwe ali pa jakisoni wa Depo kapena kachipangizo kapamkono ndipo sasamba, kapena amangodontha mosadziwika, kuwerenga kumeneku sikugwira. Angobwerera pakati pa masabata 8 ndi 12.

Pa nthawi yodikirayi palibe mankhwala osungunula chotupa. Mapiritsi olera amaletsa kuti zatsopano zisapangike, koma safulumizitsa kutha kwa chomwe chilipo kale. Mankhwala opha tizilombo sachita kanthu pa chotupa chamadzi kapena chamagazi. Panado kapena bulufeni ndi okwanira pa ululu. Chenjerani ndi ogulitsa zitsamba za m'mabotolo omwe amalonjeza kuphwetsa zotupa pa miyezi itatu: chotupa chotere chikanaphwa chokha pa miyezi yomweyo, ndipo chomwe sichikanaphwa chimakhala chikutaya nthawi.

Gawo 5: Tsiku la sikani yachiwiri

Tengani lipoti loyamba. Sikani yachiwiri ntchito yake ndi kufanizira, ndipo popanda lipoti loyamba imangokhala sikani yoyamba ina. Kachithunzi kakuda komwe makina amasindikiza kamafufutika kakakhala padzuwa kapena m'chikwama chotentha, choncho kajambuleni pafoni tsiku lomwelo, pamodzi ndi lipoti. Ngati n'kotheka bwererani pamalo omwewo ndipo pemphani mtundu wa sikani womwewo. Muyezo wa yapamimba ndi wa yolowetsa kunjira yoberekera sufanana ndendende, ndipo ojambula awiri akhoza kusiyana ndi mamilimita angapo pa chotupa chimodzi. Kuchoka pa 5.8 kufika pa 6.0 si kukula.

Kwa mayi wathuyu zotsatira zikhoza kukhala zinayi. Chotupa chikasowa, nkhani yatha, ndipo safunikanso sikani ina. Chikachepa, tinene kufika pa masentimita 3, n'kusintha maonekedwe, ndiye kuti chili m'njira yotha. Chikasowa kumanja koma kumanzere n'kuoneka china chamadzi cha masentimita 3, chimenecho ndi chatsopano cha mweziwo, osati kuti matenda asamukira mbali ina. Koma chikakhala chimodzimodzi, kukula komweko pamalo omwewo pakatha masabata 10, ndiye kuti sichinali cha magazi a mwezi umodzi. Nthawi zambiri chimapezeka kuti ndi endometiriyoma, yomwe poyamba imatha kufanana ndi chotupa chamagazi. Apa mayi apite kwa dokotala wa matenda a amayi. Endometiriyoma kapena demoyidi yomveka bwino, yosafika masentimita 10 ndi yosavutitsa, ikhoza kumangounikidwa kamodzi pachaka ngati mayi ndi dokotala agwirizana zosachita opaleshoni.

Gawo 6: Ngati munasiya kusamba, malamulo ndi ena

Tikati kusiya kusamba tikunena miyezi 12 yathunthu popanda msambo, osati chifukwa cha njira yolera. Thumba la mazira likasiya kutulutsa mazira siliyenera kupanganso zotupa za mwezi ndi mwezi, choncho sitingayembekezere kuti chotupa chitha ndi msambo wotsatira.

Tiyerekeze azakhali a mayi uja, a zaka 58, omwe sikani yawapeza ndi chotupa `simple` cha masentimita 4.2 kumanzere, mbali imodzi yokha, chipinda chimodzi, popanda chovuta chilichonse m'thupi. Chiopsezo chikadali chochepa, koma sasiyidwa osaunikidwanso. Malangizo a RCOG a 2016 amati ayezedwe magazi a CA-125, chinthu cha m'magazi chomwe chimatha kukwera pa khansa ya thumba la mazira, ndipo akapezeka abwino, osapitirira 35, sikani ndi magaziwo zibwerezedwe pakatha miyezi 4 mpaka 6. Chotupa chikakhala chosasintha kapena chikachepa kwa chaka chathunthu, akhoza kumasulidwa. Tsiku la sikani lili lonse ndi labwino kwa iwo. Kachotupa ka sentimita imodzi kapena kucheperapo sikafuna chilichonse. Choposa masentimita 5, cha mbali zonse ziwiri, kapena `complex` cha mtundu uliwonse chimafuna dokotala wa amayi. Ngakhale maonekedwe a timizere tolukana aja, omwe mwa mayi wa ku Jali uja sanatidetse nkhawa, mwa mayi yemwe anasiya kusamba zaka zapitazo sayembekezeka.

CA-125 sayezedwa pena paliponse, ndipo nthawi zina imafuna labu yolipira. Musaiwerenge ngati chigamulo. Mwa mayi wosamba imakwera ndi msambo, pakati, zotupa za m'chiberekero, endometiriyoma, matenda a m'machubu ndi TB ya m'mimba, n'chifukwa chake pa chotupa `simple` cha mayi wachitsikana safunika kuyeza n'komwe. Komanso pafupifupi theka la khansa zongoyamba kumene siziikweza, choncho CA-125 yabwino siifafaniza kamnofu komwe kaoneka pa sikani. Kwa mayi wosafika zaka 40 wokhala ndi chotupa cha mnofu, dokotala amayezanso magazi a AFP, hCG ndi LDH, chifukwa pa msinkhu umenewo mitundu ya khansa imakhala ina.

Mayi wapakati nayenso ali ndi ndondomeko yake. Chotupa chamadzi choonekera miyezi itatu yoyamba nthawi zambiri ndi kathumba kotsala dzira litatuluka, komwe kamathandiza kusunga mimba, ndipo kamaphwa pofika masabata 14 mpaka 16. Sikani yobwereza imaikidwa cha pamenepo.

Gawo 7: Pomwe simuyenera kudikira tsiku lanu

Chotupa choposa masentimita 5, ngakhale chamadzi okhaokha, chikhoza kupotokola thumba la mazira pa mtsempha wake, magazi n'kuleka kufika. Ululu wake umabwera mwadzidzidzi, mbali imodzi, woopsa, nthawi zambiri ndi kusanza. Nthawi zina umaleka n'kubweranso. Thumba la mazira limapulumuka ngati opaleshoni yachitika m'maola ochepa, choncho pitani ku chipatala chomwe chili ndi fiyeta usiku womwewo, osadikira kuche. Dziwani kuti Dopula ikhoza kuonetsa magazi akuyenda bwino pomwe thumba lapotoka ndithu, ndiye ululu wotere ukapitirira musabwerere kunyumba chifukwa choti sikani yati magazi akuyenda. Chimodzimodzi ndi chizungulire, kukomoka, thukuta lozizira kapena ululu wofika paphewa, zomwe zimasonyeza kuti chotupa chaphulika ndipo magazi akutayikira m'mimba. Kutentha thupi pamodzi ndi ululu nakonso ndi kwa tsiku lomwelo.

Zina si za usiku womwewo koma zimafuna kuti mubwerere tsiku lanu lisanafike: mimba kutupa osaphwa, kukhuta msanga mutangodya pang'ono, kuwonda, kukodza pafupipafupi kwachilendo, kapena kutaya magazi mutasiya kale kusamba.

Gawo 8: Akanena za opaleshoni

Funsani ngati achotsa chotupa chokha kapena thumba lonse la mazira. Kwa mayi yemwe akufunabe ana ndipo chotupa chikuoneka chosaopsa, cholinga chimakhala kusenda chotupa n'kusiya thumba. Ngakhale limodzi litachotsedwa, lotsalalo limakwanira kusamba ndi kubereka. Kupopa madzi ndi jakisoni osachotsa khoma si njira yabwino, chifukwa madzi amabwerera, ndipo ngati chotupacho chinali cha khansa amamwazikira m'mimba. Ngati sikani yaloza ku khansa, opaleshoni yoyamba ndiyo yofunika kwambiri ndipo iyenera kuchitidwa ndi madokotala ozolowera khansa za amayi, choncho akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre musaone ngati akukukanani.

Chomwe chachotsedwa chiyenera kupita ku labu kuti chikaunikidwe, pakuti sikani imangoyerekeza, dzina lenileni la chotupa limachokera kumeneko. Zotsatira zimatha kutenga masabata angapo. Musanatuluke m'wodi, funsani komwe mukazitenge ndi tsiku lake, ndipo pemphani kuti azilembe m'buku lanu pamodzi ndi mbali yomwe achita opaleshoni ndi chomwe achotsa.